Ndaika coreboot pa X230, kodi tsopano yatetezeka?

Tadala: Mwaswera bwanji nonse. Ndili ndi ThinkPad X230 yogula ya kaunjika. Sabata yatha ndinachotsa BIOS imene inabwera nayo nkuikamo coreboot, fimuweya yapoyera yoyatsa kompyuta, pamodzi ndi SeaBIOS imene imadzutsa Linux pa disiki. Ikuyaka msanga, Debian ikuyenda bwino. Laputopu imeneyi ndimayenda nayo m'maulendo a kuntchito ndipo imakhala ndi mafayilo a anthu amene sindikufuna kuti ena awaone. Funso langa: popeza fimuweya tsopano ndi yoti aliyense angathe kuwerenga kodi yake, ndinganene kuti palibe angandiikire zobisika m'kati? Kapena pali china chofunika kuyatsa? Ndinaona mawu akuti vboot mu `menuconfig` koma ndinangowadumpha.

Mphatso wa ku Limbe: Achemwali mwachita bwino. Ine makina amenewo ndawafulasha ambiri pashopu pano. BIOS ya kampani simudziwa zili m'kati, coreboot zonse zili poyera, ndiye basi mwathana nazo. Ngati munayendetsanso `me_cleaner` yochepetsa ME, fimuweya yobisika ya Intel ija, ndiye nkhani yatha.

Kondwani: Ndifunseko pomwepo. Ndikaika zimenezi pa X230 yanga, Windows 11 ilowa? Ikungokana, ikuti Secure Boot ndi TPM.

Mphatso wa ku Limbe: Iyo ndi nkhani ina achimwene. TPM ndi katchipu ka chitetezo ka pa bodi. X230 ili ndi TPM 1.2, Windows 11 imafuna 2.0, ndipo pulosesa yakenso ndi yakale kwa iwo. Fimuweya singasinthe tchipu chomatidwa pa bodi.

aPhiri: Za Windows mwayankha bwino aMphatso, koma za Tadala ayi. Kuwerengeka kwa kodi kumakuuzani zimene munaika tsiku limene munafulasha. Sikukuuzani kuti zimene zili mu tchipu lero ndi zomwezo. Ndipo coreboot mukaimanga osasintha masetingi, siyang'ana siginecha iliyonse, komanso imasiya tchipu chili chotsekula kuti muzitha kuika maapudeti kuchokera mu Linux. Tadala, tisatsutsane ndi pakamwa. Yatsani Linux ndi `iomem=relaxed` pa mzere wa kenelo, kenako lembani ichi mutiuze zimene zituluke. Sichilemba kanthu pa tchipu, chimangofunsa.

```
sudo flashrom -p internal
```

Tadala: Mwa zina patuluka ichi:

```
FREG1: BIOS region (0x00500000-0x00bfffff) is read-write.
```

Ndiye kuti zili bwino kapena ayi?

aPhiri: Mzere umenewo pawokha sunanene zonse, chifukwa umatuluka ngakhale pa BIOS ya kampani. Yang'anani m'munsi mwake. Kodi pali mizere yoyamba ndi `PR0` kapena `PR1` yonena kuti malo ena ndi `read-only`? Kodi pali chenjezo lotchula `SMM protection`?

Tadala: Palibe zonsezo madala.

aPhiri: Ndiye yankho ndi limenelo. Pulogalamu iliyonse imene yapeza mphamvu za `root` pa Debian yanu ikhoza kulemba fimuweya yatsopano mu tchipu monga momwe inu mungalembere. Ikatero, mukhoza kufufuta disiki, kugula ina, kuikanso Linux, chinthucho chidzakhalabe chikuyamba kudzuka makina asanawerenge disiki. Si nthano ayi, mu 2018 akatswiri a ESET anapeza LoJax itakhala mu fimuweya ya makompyuta a anthu enieni, ndipo inkalowa pomwe tchipu sichinatsekedwe bwino. BIOS imene munachotsa ija inali ndi zofooka zake, koma pa khomo limeneli inali itatseka. Pa mfundo imodzi imeneyi, lero muli pambalambanda kuposa mmene munalili sabata yatha.

Mphatso wa ku Limbe: Koma madala, ndani angavutike kulemba vairasi ya coreboot pa X230 ya munthu wa ku Zomba? Anthu ake ndi ochepa kwambiri.

aPhiri: Mwina palibe. Ngati laputopu ndi yoonera mpira, ine sindingavutike nazo. Koma Tadala wanena kuti imayenda ndi mafayilo a anthu, ndipo wafunsa ngati yatetezeka. Kusasakidwa ndi kutetezeka ndi zinthu ziwiri.

Tadala: Chabwino. Ndiye ndingoyatsa vboot ija nkumanganso?

aPhiri: Dikirani kaye mumve mmene imagwirira, chifukwa ambiri amayatsa nkungokhala ndi dzina lokha.

vboot inachokera ku ma Chromebook. Imagawa malo a fimuweya m'zigawo. Chigawo choyamba ndi RO, chimene sichiyenera kulembekanso. M'menemo mumakhala kachidutswa koyamba kudzuka pulosesa ikayaka, mumakhala kiyi wanu wapoyera, komanso coreboot yathunthu yosungira tsiku la mavuto. Kenako pali zigawo ziwiri zolembeka, A ndi B, chilichonse chili ndi coreboot yake ndi siginecha yake. Makina akayaka, RO imatenga A nkuona ngati siginecha ikugwirizana ndi kiyi uja. Ikagwirizana, A imapatsidwa ulamuliro. Ikapanda kutero amayesa B, ndipo zonse zikakanika makina amayaka ndi coreboot ya mu RO ija. Mu TPM amasungamo nambala ya mtundu wa fimuweya, kuti munthu asakubwezereni ku yakale imene inasainidwa bwinobwino koma ili ndi bowo lodziwika.

Pa X230 malo alipo okwanira. Ili ndi matchipu awiri pansi pa poika dzanja, china cha 8 MB china cha 4 MB, ndipo makina amaziona ngati chimodzi cha 12 MB. Manambala amene mwatitumizira aja akusonyeza kuti gawo la BIOS ndi 7 MB: tchipu chonse cha 4 MB ndi 3 MB za chinacho. Ndiye A ndi B onse amakwana.

Tsopano mvetsani apa. Palibe chimene chimayang'ana RO. RO imakhulupiriridwa chifukwa choti singalembeke, basi. Mukayatsa vboot koma osatseka RO, wakuba sangavutike ndi masiginecha anu. Angolembamo kiyi wake m'malo mwa wanu, ndipo vboot idzavomereza fimuweya yake mokhulupirika ndithu.

Thoko: Ndawerenga zonse mwakachetechete, ndilowepo. Ine ndimayang'anira malaputopu a pakampani kuno ku Leeds, ndipo zimene aPhiri akufotokozazi ndi chifukwa chake sindingalole coreboot yodzimangira pa makina a antchito. Laputopu yatsopano ya Intel imabwera ndi Boot Guard. Chizindikiro cha kiyi wa wopanga chimaotcheredwa m'mafyuzi a tchipu cha Intel kufakitale, ndipo pulosesa imayang'ana kachidutswa koyamba ka fimuweya isanakayendetse. Ubwere ndi kilipu yako yopanira pa tchipu cha fimuweya ulembe zako, makina sayaka. RO ya aPhiri imatseka pulogalamu, koma munthu wokhala ndi sikuludiraiva ndi theka la ola m'chipinda cha loji amailemba bwinobwino. Pamwamba pa izo maapudeti amabwera okha osainidwa kale, ine osagwira kiyi aliyense.

aPhiri: Zonse mwanenazo ndi zoona aThoko, sindikana. X230 ndi ya 2012, Boot Guard inayamba ndi mapulosesa a 2013, ndiye ilibe. Chifukwa chomwecho ndi chimene chinalola Tadala kuikamo coreboot, ndipo chifukwa chomwecho ndi chimene chingalole mdani wake. Khomo ndi limodzi.

Koma muuzeninso mbali inayo. Fyuzi ikaotchedwa siibwerera. Mu 2023 makiyi achinsinsi a MSI anabedwa nkutayidwa poyera, ena mwa iwo a Boot Guard. Makina amene ali ndi chizindikiro cha kiyi wobedwa m'mafyuzi adzamukhulupirira mpaka tsiku lotayidwa, palibe apudeti ingakonze. Ndipo wopanga akasiya kutulutsa maapudeti, mwini makina sangathe kudzikonzera bowo ngakhale akulidziwa, chifukwa kiyi si wake. Kwa inu amene mumasintha malaputopu akakalamba pang'ono, si vuto. Kwathu kuno makina ambiri amafika atatha kale nthawi imeneyo.

Thoko: Kiyi kubedwa ku kampani imodzi sikutanthauza kuti Tadala asunga wake bwino kuposa kampani.

aPhiri: Eee. Koma wake akabedwa, amapanga wina nkufulashanso. Ndi kusiyana kokhako kumene ine ndikunena.

Tadala: Ndayatsa `VBOOT` mu `menuconfig` ndipo yamangika popanda vuto, sinandifunse nkomwe za kiyi. Ndiye kuti yadzipangira yokha?

aPhiri: Musafulashe! Lembani ichi mu foda ya coreboot:

```
grep devkeys .config
```

Tadala: Patuluka mizere ingapo, woyamba ndi `CONFIG_VBOOT_ROOT_KEY` ndipo ukuthera pa `tests/devkeys/root_key.vbpubk`.

aPhiri: Ndi msampha waukulu umenewo. Amenewo ndi makiyi oyesera amene amabwera limodzi ndi kodi ya vboot, ndipo mbali yake yachinsinsi ili pa intaneti, aliyense akhoza kuitenga. Zili ngati loko wotchipa wa pamsika uja woti kiyi wa loko mnzake aliyense amatsekula: pachitseko akuoneka, koma aliyense woyenda ndi makiyi alowa. Pangani anu. Mu `3rdparty/vboot/scripts/keygeneration` muli `create_new_keys.sh`. Mukapanga, lozani masetingi a makiyi aja ku mafayilo anu, ndipo `grep` yomweyo isatulutsenso kanthu. Mafayilo othera pa `.vbprivk` ndiwo achinsinsi. Asakhale pa laputopu imene mukuitetezayo, apo ayi wolowa mu Debian yanu apeza kiyi ali pomwepo. Mangirani pa kompyuta ina, makiyi muwasunge pa fulashi iwiri m'malo osiyana.

Ndipo aThoko musaseke, chifukwa akuluakulu anagwa pomwepa. Mu Julaye 2024 a Binarly anaulula chimene anachitcha PKfail: makompyuta a mitundu mazanamazana anagulitsidwa ali ndi kiyi woyesera wa AMI pa Secure Boot, wolembedwa poyera kuti `DO NOT TRUST`.

Thoko: Sindikuseka, tinakhala tikuyang'ana makina athu limodzilimodzi nthawi imeneyo. Koma zinapezeka, ndipo opanga ambiri anatulutsa maapudeti. Tadala akanafulasha ndi makiyi oyeserawo, ndani akanamuuza?

Yamikani: Pepani kudula. Ine ndili ndi Chromebook yakale, ndinamva kuti ili kale ndi coreboot m'kati. Ndinamasula kasikuluwu kena pa bodi nkuika fimuweya ya MrChromebox kuti ndiyendetse Linux wamba. Ndiye yanga ili ndi vboot kale eti?

aPhiri: Inali nayo, munaichotsa. Kasikuluwu kaja ndi kamene kankatseka RO. Pa ma Chromebook atsopanoko ntchito imeneyo imagwiridwa ndi katchipu ka chitetezo ka Google, ndipo ena amachotsa batire kaye kuti atsekule. Ngati munaika imene imatchedwa Full ROM, inafufuta zonse nkuika coreboot ndi edk2, yopanda vboot.

Chromebook ndi chitsanzo chabwino cha zimene tikukanganazi. Kodi yake ndi yapoyera, RO ndi yotsekedwa kufakitale, ndipo unyolo ndi wathunthu: RO imayang'ana A kapena B, kenako depthcharge imayang'ana kenelo, kenelo imayang'ana mafayilo a ChromeOS. Koma kiyi ndi wa Google. Ndiye fimuweya yapoyera sikutanthauza kiyi wanu, ndipo kiyi wanu sikutanthauza unyolo wathunthu.

Tadala: Mawu akuti unyolo wathunthu andidetsa nkhawa. Wanga uthera pati?

aPhiri: Pa SeaBIOS. vboot iyang'ana coreboot ndi SeaBIOS, popeza zonse zili m'chigawo A. Koma SeaBIOS imangotenga chilichonse chimene yapeza koyambirira kwa disiki nkuchiyendetsa, osafunsa. Ngakhale disiki yanu ili ndi pasiwedi ya LUKS, `/boot` nthawi zambiri imakhala poyera. Munthu akhoza kusintha kenelo kapena kapulogalamu kofunsa pasiwedi kaja, inu mulembe pasiwedi yanu, iye aitole. Fimuweya sanaikhudze nkomwe. Kuti unyolo upitirire, m'malo mwa SeaBIOS muike GRUB m'kati mwa tchipu momwemo yokhala ndi kiyi wanu wa GPG ndi `check_signatures=enforce`, kapena edk2 yokhala ndi Secure Boot ya makiyi anu. Mtengo wake ndi woti nthawi iliyonse Debian ikasintha kenelo, pafunika kusainanso, ndipo mukaiwala makina akana kuyaka.

Mphatso wa ku Limbe: Nanga bwanji osangoika Heads, fimuweya ina yomangidwa pa coreboot? Imathandiza X230, ndipo imagwira ngakhale munthu wa kilipu amene aThoko akunena. Ikayaka imaonetsa manambala asanu ndi imodzi, uyerekeze ndi a pa foni yako. Akasiyana, wina wagwira.

aPhiri: Heads ndi yabwino, ndipo kwa munthu woyendayenda mwina ndi yoyenera kuposa vboot. Koma ntchito yake ndi ina. vboot imakana kuyendetsa chosasainidwa. Heads siikana fimuweya, imaiyeza. Chidutswa chilichonse chimayezedwa, muyeso nkutumizidwa ku TPM, ndipo TPM imatulutsa chinsinsi chopangira manambala aja pokhapokha miyeso ikafanana ndi ya tsiku limene munakhazikitsa. Pa `/boot` ndiye imayang'ana siginecha ya GPG, choncho bowo la SeaBIOS lija limatsekeka.

Pamene ndikusiyana nanu ndi pa mawu akuti imagwira munthu wa kilipu. Woyamba kuyeza ndi kachidutswa koyamba ka fimuweya komweko. Pa makina opanda Boot Guard, munthu wodziwa akhoza kulemba kachidutswa kake kamene kangauze TPM miyeso yakale yabodza, manambala nkutuluka olondola. Si ntchito ya aliyense, koma ndi yotheka. Wakuba wamba Heads imugwira, katswiri amene wakukonzekerani inuyo mwina ayi.

Mphatso wa ku Limbe: Ndiye paja ena amapaka kyutekisi wa zonyezimira pa masikuluwu nkujambula ndi foni. Ine ndinkayesa ndi zamasewera.

Thoko: Mwaona? Tafika pa kyutekisi. Ine ndikhalabe ndi mafyuzi anga.

Mphatso wa ku Limbe: Mafyuzi anuwo anathyoledwa kale achemwali. ThinkPad T480 ili ndi Boot Guard koma masiku ano anthu akuikamo Libreboot, imene ndi coreboot yokonzedwa kale.

aPhiri: Zoona, kuyambira kumapeto kwa 2024, ndi chida chotchedwa `deguard`. Chimadutsira pa bowo la Intel ME ya m'badwo umenewo limene linaululidwa mu 2017. Koma chimangozimitsa Boot Guard, sichikupatsani mphamvu yoikamo kiyi wanu m'mafyuzi. T480 yotero ikufanana ndi X230 pa nkhani ya kilipu. Komanso kuti iyatse memore imadalira FSP, chidutswa cha Intel chimene kodi yake ndi yobisika, pomwe pa X230 coreboot imachita zimenezo ndi kodi yakeyake. Ndipo aMphatso, za `me_cleaner` munanena koyambirira zija: imachepetsa ME, siichotsa yonse, chifukwa mukaifufuta yonse makina a m'badwo uno amadzizimitsa pakatha mphindi 30. Katchipu koyang'anira kiyibodi ndi batire nakonso kamakhalabe ndi fimuweya ya wopanga, vboot ya pa X230 siikayang'ana.

Thoko: Apo ndivomere kuti nkhani ya T480 ikutsutsa ine pang'ono. Koma ikunena za makina akale, osati amene tikugula lero.

Kondwani: Ine ndasochera kalekale. Ndigule chiyani kuti Windows 11 ilowe?

Mphatso wa ku Limbe: Ndipezeni kumbali achimwene.

Tadala: Ndiyese kubwereza ndione ngati ndamva. Makiyi anga, opangidwira pa kompyuta ina. GRUB yosaina m'malo mwa SeaBIOS. Nanga kutseka RO kuja ndichite bwanji?

aPhiri: Mu `menuconfig`, pansi pa `Security`, sankhani `BOOTMEDIA_LOCK_CONTROLLER` pamodzi ndi `BOOTMEDIA_LOCK_WPRO_VBOOT_RO`. Zimenezi zimauza tchipu cha Intel, nthawi iliyonse makina akayaka, kuti gawo la RO lisalembeke mpaka atazima. Pali njira ina yotsekera pa tchipu cha fimuweya chenichenicho, `BOOTMEDIA_LOCK_CHIP`, koma imafuna kuti mwendo wachitatu wa tchipu ulumikizidwe ku nthaka ya bodi, ndiye ndi ntchito ya chowotcherera. Yambani ndi yoyambayo.

Musatseke tsiku loyamba. Fulashani kaye ndi vboot yosatseka, muyatse, muone ndi `cbmem -c` kuti yasankha A, osati kuti yagwera mu RO mwakachetechete. Zikayenda, mangani yotseka. Mukafulasha, bwerezani `flashrom -p internal` ija. Pakapanda kutuluka mzere wa `PR` wonena `read-only`, simunatseke, kaya masetingi akuti chiyani. Kuyambira pamenepo maapudeti azilowa m'chigawo chimodzi pa nthawi:

```
sudo flashrom -p internal --fmap -i RW_SECTION_A -w coreboot.rom --noverify-all
```

Dziwani kuti mukatseka, kusintha RO kapena kiyi kudzafuna kutsekula makina ndi kilipu. Ndipo coreboot ya mu RO idzakalamba momwemo, ndiye iyenera kukhala ndi GRUB yosaina yomweyo, apo ayi munthu angowononga A ndi B dala kuti makina agwere mu RO yolekerera.

Mphatso wa ku Limbe: Pa za kilipu ndionjezepo, chifukwa apa ndiye pamene anthu amalirira. Musanalembe kanthu chotsani batire ndi chaja, werengani tchipu chilichonse kawiri, muyerekeze mafayilo awiriwo ndi `sha256sum`. Akasiyana, kilipu sinagwire bwino, musapitirire. Ndipo ngati mukugwiritsa CH341A yakuda ija yofulashira matchipu, yezani miyendo yake ndi mita, chifukwa zambiri zimatulutsa mavoloti 5 pa mizere ya deta pomwe matchipu awa ndi a 3.3. Komanso batire kakang'ono ka pa bodi kaja, pa makina a kaunjika kamakhala katatha.

aPhiri: Mwakumbutsa bwino. Pa ma ThinkPad amenewa vboot imasunga zokumbukira zake mu CMOS, monga chigawo chimene chinayaka bwino komaliza, ndiye kabatire kakafa zimenezo zimatayika. Sinthiranitu.

Tadala: Mafayilo a BIOS yakale ndinasunga, ndinawerenga kawiri. Koma kunena zoona ndikuganiza za Heads tsopano, chifukwa chimene ndimaopa kwambiri ndi kusiya laputopu m'chipinda cha loji tikapita ku msonkhano, osati vairasi. Kodi ndingakhale ndi zonse ziwiri?

aPhiri: coreboot imalola kuyatsa vboot ndi `TPM_MEASURED_BOOT` pamodzi, koma muyeso wopanda woufunsa ndi wopanda ntchito, ndipo gawo lofunsa ndi limene Heads inakonza kale. Ine ndikanakhala inu ndikanatenga Heads mmene ilili.

Thoko: Ine ndikanagula laputopu imene ikulandirabe maapudeti, ndi kuika pasiwedi pa BIOS ndi pa disiki. Pulosesa ya 2012 ija Intel inasiya kale kuikonzera zolakwika, ndipo coreboot singathandize pamenepo.

Tadala: Ndalama ya laputopu yatsopano kulibe chaka chino aThoko. AMphatso, Loweruka mudzakhalapo pashopu? Kilipu yanga yayamba kuterereka, ndipo mita ndilibe.

Mphatso wa ku Limbe: Bwerani m'mawa, masana magetsi sadalirika. Mubweretse ndi fulashi ya mafayilo akale aja.